Nthiti zanga pa pepala la chipatala

Lemba momwe ndikuyankhuliramu, usakonze. Amayi ako ndiwo anandiphunzitsa kuti mawu a munthu sakonzedwa.

Chaka chija ndinatsokomola mpaka mpunga kucha, bambo ako anadzanditenga kwathu ku Lupembe kukajambulitsa chifuwa ku chipatala. Amayi ako, mpongozi wanga, amagwira ntchito komweko, ku chipinda cha ekisire. Dokotala wodziwa kuwerenga zithunzizo amakhala kutali. Amaona chithunzi pa kompyuta n'kutumiza mawu ake onse pamodzi, osakanikirana ngati usipa ndi mchenga. Amayi ako ndiwo amawasankhula m'magawo atatu: zimene zaoneka, zimene dokotala akuganiza, ndi zoyenera kuchita. Akamaliza amabwezera dokotala kuti aone n'kusaina.

Anandiitanira mkati, n'kutseka chitseko.

"Amama, ndikuwerengereni. Zooneka: mtima uli bwino, pamwamba pa phapo lakumanja pali chithunzithunzi. Maganizo a dokotala: mwina ndi TB. Zochita: mukayezetse makhololo."

"Ndiye ndili ndi TB?"

"Ati mwina. Mwinayo sindingamuchotse."

Kenaka anayang'ana pansi. "Palinso china pa zooneka. Nthiti zakumanzere zinathyoka kalekale, zinapola zokha."

Agogo ako aamuna anali mkulu wa mpingo, maliro awo anthu anachita kusowa pokhala. Mpongozi ameneyu, mwa mwambo wathu wa Chinkhonde, sanawayang'anepo kumaso. Ankapatuka m'njira, kudziphimba ndi chitenje. Lero ndiye akuona ntchito ya manja awo mkati mwanga.

Ndinati, "Mwana wanga, fufuta zimenezo. Nthiti sizikutsokomola."

"Sindingathe, amama. Mawa wina akadzakujambulani adzayesa ndi zatsopano."

"Basi lemba kuti inandiponda ng'ombe."

"Dokotala sanatchule ng'ombe. Sanatchulenso munthu. Ine ndimangoika mawu pamalo pake."

Ndinamunena, ine. Ndinati sukulu yakuchotsa ulemu, kalaliki wa mabatani iwe. Anangoti, "Yewo, amama." Anandionetsa ndi chala pamene mzerewo unakhala, ngati ndimawerenga. Unali pa zooneka pokha. Ku maganizo kunalibe, poti dokotala sanauikeko.

Pobwerera, mu minibasi, bambo ako anatenga pepalalo. Ndinkaona mlomo wawo ukuyenda, mzere ndi mzere. Ine maso pawindo, kuwerenga mbuzi za eni. Titadutsa Mwenilondo ndinayamba ndekha, osafunsidwa.

"Inali ng'ombe ija yakuda."

Anapinda pepala bwinobwino, n'kuliika m'thumba la malaya.

"Amama, nthawi imene ija ng'ombe tinalibe. Ine ndi amene ndinkakutungirani madzi mwezi wonse uja."

Anali mwana wa sitandade thuu. Zaka zonsezi ine ndinkati ndabisa.

Walemba? Usaike kuti ndinalira. Sindinalire, ndinangopempha kondakitala atsegule windo.