Manambala a pa Diresi la Maluwa

Pa khonde la sitolo yogulitsa nsapato pali tebulo lokhala ndi kabokosi kagalasi, ndipo pa tebulo limeneli pakhala bambo wina wokonza mawotchi kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Anthu a mu msewuwo amawatchula kuti a Wotchi. Ntchitoyi anaiphunzira poyang'anitsitsa manja a amalume awo. Zida zawo ndi zochepa: kagalasi kokulitsa zinthu kamene amakapanikiza pa diso, timasikuludiraiva, kopanira tizitsulo, thonje ndi botolo la sipiriti. Ndi munthu wosachulutsa mawu, koma pa nkhani ya manja awo anali ndi kunyada pang'ono. Ankakonda kunena kuti chinthu chimene chala cha munthu chinalowetsa, chala cha munthu chikhoza kutulutsa.

A Wotchi ndi mayi a kunyumba kwawo anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi. Popeza anabadwa wochepa thupi, anzawo a pa khonde anamutcha Kamphindi. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo ake anabwereka kamera ya filimu kwa kasitomala ndi kumujambula m'mawa wina ataima pakhomo, dzanja lake litagwira diresi la maluwa la amayi ake. Masana a tsiku lomwelo mwanayo anagundidwa ndi galimoto pochokera kusukulu, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala.

Filimu itatsukidwa, chithunzi cha mwanayo chinatuluka bwino. Koma kamerayo inali ya mtundu wolemba tsiku, ndipo a Wotchi, mwa chizolowezi cha ntchito yawo, anali atayamba akonza wotchi yake kuti ikhale yolondola. Chotero pa ngodya ya m'munsi, kumanja, panali manambala ofiirira ngati makala a moto: '98 6 12. Manambalawo anakhala pa diresi penipeni, ndipo mitu yake inakhudza zala ziwiri za mwanayo. Mayi aja anachiyang'ana kamodzi, nachiika chafufumimba pansi pa sutikesi pamodzi ndi diresilo. Negetivi, filimu imene akanatsukitsira china, inatayika posamuka nyumba. Chithunzi china cha mwanayo panalibe.

Chaka chino matenda a shuga anawononga maso a mayiwo. Diso la kumanzere linali litazima kale, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti la kumanja silikhalitsa.

"Bambo," anatero mayiwo ali pa mpando wa pa windo, "nkhope yake yayamba kundithawa. Ndikufuna ndimuone ndisanalowe mu mdima. Koma tsiku lija ayi. Ndikangotembenuza chithunzicho, diso limathamangira pomwepo."

"Ndichotsa, amayi. Ndi inki chabe."

Apa ndi pamene a Wotchi analakwira. Iwo ankaganiza kuti manambalawo anadindidwa pamwamba, monga mmene amadindira lisiti. Anatenga chithunzicho kupita nacho ku tebulo lawo, nanyowetsa thonje ndi sipiriti, napukuta. Sipanachoke kanthu. Anavala kagalasi kawo, natenga nsonga ya lezala, nayamba kupala nambala 2 mofatsa monga amapalira dzimbiri. Malowo anafiira, kenako anachita chikasu, kenako kunaoneka pepala loyera. Pamene anachotsa kagalasi pa diso, anaona kuti pa diresi pali bala loyera lalikulu ngati njere ya mpunga, ndipo manambala otsalawo akuwala monga kale.

Wosoka nsapato wa tebulo loyandikana anasuzumira.

"Madala, mwasandutsa chithunzi kukhala mbatata? Mukusenda?"

A Wotchi anaika lezala pansi. Anatseka botolo la sipiriti. Wosoka nsapatoyo ataona nkhope ya mwana pa chithunzipo anasiya kuseka, nawalozera situdiyo ya zithunzi ya kuseri kwa sitolo ya mankhwala.

Mwini situdiyoyo anali mayi wa msinkhu wapakati, wolankhula mofulumira. Anachigwira chithunzicho m'mphepete, nachipendeketsa ku kuwala.

"Ndani wachita zimenezi?"

"Ndine, mayi."

"Inu a Wotchi? Ine ndimati ndi mdzukulu! Bambo, apa palibe inki. Mkati mwa kamera munali kanyali kamene kanawotcha manambalawa pa filimu. Ali m'thupi mwa chithunzi, chimodzimodzi mphuno ya mwanayu. Mukapala manambala, mwapala chithunzi."

"Ndiye kuti ndachipha?"

"Mwachivulaza. Kuyambira lero ichi musachikhudzenso. Tigwira ntchito pa chinzake cha mu kompyuta."

Anapukuta galasi la sikana, makina olowetsera zithunzi mu kompyuta, nauzira fumbi pa chithunzicho, nachijambula pa mlingo wokwera kwambiri, kotero kuti makinawo anatenga mphindi zingapo akulira. Anasunga kope loyamba padera, natsegula lachiwiri. Njira yachidule, anatero, inali kudula m'munsi monse.

"Dzanja lipita nalo," anatero a Wotchi. "Amayi ake akafunsa dzanja."

Mayiyo anazungulira manambalawo ndi mzere, nalamula kompyuta kuti idzaze yokha. M'kuphethira kwa diso manambala anachoka. A Wotchi anapuma mwamphamvu, koma atayandikira anaona kuti pamalopo pasalala ngati popakidwa phula, maluwa aduka pakati, ndipo zala ziwiri zija zalumikizana kukhala chimodzi.

"Chigamba," anatero iwo. "Ngakhale diso limodzi lichiona."

"Chigamba ndithu. Kompyuta sidziwa zimene zinali pansipo, imangopeka. Njira yeniyeni ndi ya manja: kutola kachidutswa pa malo abwino apafupi ndi kukaika pa malo oipa, pang'onopang'ono. Koma taonani, diresi looneka bwino ndi lochepa, kwinaku mwana waliphimba. Ndikatola duwa limodzi lomweli kanayi, aliyense aona kuti ndi mapasa. Ndiponso ine ndili ndi zithunzi za ukwati mazana atatu. Bwerani mwezi wa mawa."

"Mayi, mwezi wa mawa kulibe woti adzachione."

Anafotokoza za diso lija ataimirira, chipewa chili m'manja. Mayiyo anakoka mpando pa kompyuta yakale ya pa ngodya.

"Khalani apa. Manja muli nawo, ngakhale mutu unakusokonezani. Diresi limeneli linapita kuti?"

"Lili mu sutikesi."

"Aa! Nanga bwanji osanena? Kalitengeni!"

M'mawa mwake a Wotchi anabwera nalo ku situdiyo, naliyala pa mpando pafupi ndi windo, kuti kuwala kuchokere kumanzere monga pa chithunzi, nalipinda mpaka makwinya ake anafanana ndi akale. Mayiyo analijambula, nalowetsa chidutswa chake mu kompyuta, nachichepetsa ndi kuchipotoza kufikira maluwa ake anakumana ndi maluwa a m'mphepete mwa manambala. Koma chinali chowala ndi chakuthwa kwambiri. Anachizimiritsa mtundu kuti chifanane ndi pepala lokalamba, nachifewetsa pang'ono.

Zotsalazo zinali za a Wotchi. Tsiku loyamba mausi ya kompyuta inkawathawa m'dzanja ngati sopo. Anatseka tebulo lawo masiku anayi, chinthu chimene sanachitepo chiikireni maliro a mwana wawo. Anaphunzira kugwiritsa burashi ya mu kompyuta, yaing'ono, ya m'mphepete mofewa, ndi kusintha kawirikawiri malo otolapo. Anazindikira kuti nambala iliyonse ili ndi kautsi kofiirira mozungulira, ndipo kakatsala kamaulula pamene panali nambalayo. Zala ziwiri zija anazimanga potola khungu pa zala zoyandikana, kadontho ndi kadontho, osaiwala mthunzi wa pakati pake.

Tsiku lachitatu, atabwera kunyumba masana, anapeza mayi aja akupapasa khoma pofuna chitseko.

"Mwafika nacho?"

"Mawa, amayi."

"Dzulo munati mawa. Lero nkhope yanu ndikuiona ngati muli kuseri kwa katani. Kapena mwachiwononga, mukuopa kundiuza?"

A Wotchi anagwada pafupi ndi mpando, naulula za lezala. Mayiwo sanakalipe. Anangoti, "Fulumirani, bambo," ndipo mawu amenewo anawapweteka kuposa kukalipa.

Tsiku lachinayi anasindikiza choyesera. Manambala panalibe, maluwa analumikizana, koma a Wotchi atachigwira patali ndi mkono, ngodyayo inaonekabe yachilendo. 

"Pali chiyani, mayi? Ndachita zonse!"

"Valani kagalasi kanu. Yang'anani pa khoma la nyumba, kenako pa diresi."

Anayang'ana. Chithunzi chonse chinali ndi timadontho tosawerengeka ngati mchenga wosefa, koma pamene anakonzapo panali posalala.

"Umenewo ndi mchenga wa filimu," anatero mayiyo. "Mwakonza mwaukhondo kwambiri. Tiyenera kupadetsa pang'ono."

Anathira mchenga wa mu kompyuta pa malo okhawo, nauchepetsa, nauwonjezera, mpaka kukula kwake kunafanana ndi wa pozungulira. Anasindikizanso. Anaitana wosoka nsapato uja ndi kumufunsa kuti aloze pamene pakonzedwa. Iye anayang'ana nthawi yaitali, naloza pa denga.

Anachisindikiza chachikulu ngati tsamba la kalendala. Chakale chija a Wotchi anachiika mu envulopu, bala lake ndi tsiku lake zili momwemo.

Anafika kunyumba dzuwa lidakalowa pa windo. Anakokera mpando pa kuwala, naika chithunzicho m'manja mwa mayi aja. Mayiwo anachiyandikiza ku diso la kumanja mpaka pepala linakhudza mphuno, ndipo monga ananenera, diso linathamangira ku ngodya ya m'munsi. Linakhala pamenepo. A Wotchi anamva wotchi ya pa mkono wawo ikugunda.

"Ndipatseni kagalasi kanu."

Anawapatsa. Mayiwo anayenda nako pa duwa lililonse, nawerenga zala ndi milomo yokha, kuyambira chachikulu kufikira chaching'ono. Kenako anabweza kagalasiko, nakweza chithunzicho pang'onopang'ono, kudutsa pa lamba, pa kolala, mpaka pa nkhope. Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Bambo."

"Ee, amayi."

"Ndinakuuzani m'mawa uja kuti mudikire ndimupese kaye. Taonani tsitsili."