Munda wa Yafeti wa ku Dedza

Ku Redcliff, m'dziko la Zimbabwe, aliyense ankaudziwa munda wa a Yafeti wa ku Dedza, chonsecho eni akewo anali asanaupondemo. Ng'anjo za fakitale ya zitsulo zitazima mu 2008, mng'ono wawo Samueli ananyamuka kupita ku Malawi, kwawo kwa malemu bambo awo. A Yafeti anatsala, ati moto uyakanso posachedwa. Sunayake.

Kuyambira pamenepo, kukacha nkhani inali imodzi. Akanapita, bwenzi ali ndi ng'ombe. Chaka chilichonse ng'ombezo zinkaswana m'mutu mwawo, osafa ndi imodzi yomwe. Anzawo akawaitana kokumba golide ku Gaika, ankati nthawi inatha kale; chaka chotsatira n'kumadandaulanso chaka chomwe anakanacho. Munthu wotopetsa, kunena zoona, koma ankamvetsa chisoni.

Akazi awo, a Idesi, amene ankadyetsa banja ndi tomato wa pamsika, anafika potopa.

"Zaka mukuti zinawolazo inenso ndinalimo, bambo a Loice. Mwezi ukatha ndikupita kwa mwana wanga ku Gweru."

Mwezi usanathe, Samueli anatulukira, ulendo wake woyamba chichokereni. A Yafeti sanadikire n'komwe kuti amwe tiyi.

"Munda uja ndi waukulu bwanji?"

"Munda uti, achimwene? Kumene kuja munda umatsata mayi. Ife amayi athu anali Mshona. Ana a azakhali anandilandira bwino, koma anati mwana wa mwamuna kwawo n'kwa amake. Ndimasoka nsapato pa boma."

A Yafeti anayamba kufunsa za mvula, za feteleza, ngati munthu wofuna pogwira. Samueli anawadula.

"Inu simukanapita. Mwaiwala kuti alamu anali m'chipatala, Loice akulemba mayeso? Munandiperekeza pa basi mutanyamula phala la wodwala."

Zoonadi anali ataiwala. Zaka zonsezi ankadzizenga mlandu ngati kuti tsiku lija ankadziwa kuti ng'anjo sizidzayakanso. Koma mtima sunapepuke msanga. Kutsala kuja kunalibe mlandu. Zaka khumi ndi zisanu zokhala pakhonde zinali zawo ndithu, ndipo panalibe wozibweza. Zimenezo zinawapweteka kuposa munda.

Lolemba anadzuka mawu a masiku onse ali kale pakamwa. Anawameza, n'kutsatira akazi awo kumsika. A Idesi anawayang'ana mokayika.

"Mwasochera?"

"Ayi. Tandionetsani, tomatoyu mumaunjika bwanji kuti asagwe?"

"Atatu pansi, mmodzi pamwamba. Wofewa aziyang'ana kwa inu."

Mulu woyamba unagubuduka mpaka mu ngalande. A Idesi sanaseke.

"Ku Gweru ndikupitabe," anatero. "Sabata ziwiri. Ndikadzapeza benchi ya tomatoyi ikadalipo, tidzakambirana."