Njoka yopanda mutu

Chaka chimene bambo a ana anga anali ku Joni, ine ndinkakhala kwathu ku Utale ndi foni imene ananditumizira. M'fonimo munali kapulogalamu koyankha mafunso. Si munthu, koma ukakalembera kapena kukatumizira chithunzi kamayankha ngati munthu. Ndinkakafunsa za mbozi za m'chimanga ndi za chifuwa cha mbuzi, mpaka ndinakazolowera ngati mnzanga wa pamjigo.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yothyola nandolo, mwana wanga wamkazi anakuwa kumunda. Njoka inali itamuluma pamwamba pa kakolo. Achimwene anga, amene munda wawo unagundana ndi wathu, anaithamangira ndi khasu n'kuipha. Kenako, monga amachitira aliyense kwathu, anaisinja mutu mpaka kusanduka matope, poti amati njoka yosaphwanyidwa mutu imadzuka.

Mwanayo ankalira, koma mwendo sunatupe kwenikweni. Panali timabala tiwiri basi. Achimwene anati ikanakhala mphiri bwenzi mwendo utatupa kale ngati mtondo. Ine ndinajambula njokayo ili gone pamzere, n'kutumiza chithunzicho. Pansi pake ndinalembanso uthenga wina, woti njoka yaitali yotuwa yaluma mwana ndipo sanatupe.

Yankho silinachedwe. Linati pachithunzipo pakuoneka njoka yaitali yotuwa, ya mutu waung'ono wozungulira wokhala ndi mizere iwiri yoyera m'mbali. Linati ikuoneka ngati ija yodya makoswe m'nyumba, yopanda ululu. Kumapeto linawonjezera kuti ndi bwinobe kupita kuchipatala, koma nditawawerengera, mawu amenewo achimwene sanawamve n'komwe. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti timutsuke bala ndi sopo, agone pamthunzi wa mtengo wa mango, dzuwa likapepa tione.

Inenso ndinafuna kukhulupirira. Mulungu akudziwa mmene ndinafunira. Koma ndili ndi khalidwe lina limene amandinena nalo kunyumba, loti sinditaya nkhani ndisanaitafune kawiri. Ndinakhala pachitsa n'kuwerenganso, mawu amodziamodzi, ndikudzifunsa kuti awa kapulogalamu kaja kawatenga kuti. Yaitali: ndinalemba ndine. Yotuwa: ndinenso. Zopita kuchipatala, aliyense anganene osaona kanthu. Zimene zinatsala ndi mutu wozungulira ndi mizere yoyera, ndipo zonena kuti ilibe ululu zinatsamira pamenepo.

Ndinayang'ana njoka ija pansi. Pamene panayenera kukhala mutu panali dothi losakanikirana ndi magazi, nyerere zitayamba kale kusonkhana.

Ndinakweza uthenga m'mwamba kuti ndione chithunzi changa. Chinali chimbuuzi, pakati pake pali kamuvi kokuuza kuti uyesenso. Netiweki yakwathu imanyamula mawu, koma chithunzi chimailemera. Mawu anga anapita, chithunzi chinatsala m'foni momwemo, ndipo kanthu kaja m'malo monena kuti sikanalandire kalikonse, kanangodzipangira njoka yakeyake.

“Achimwene,” ndinatero, “mutu umene akunenawu ndi wa njoka iti? Yathuyi mwaisinja nokha.”

Anayang'ana foni, n'kuyang'ana khasu lawo. Anathamangira kumsewu kukaitana wa njinga yamoto, ndipo sindinawaonepo akuthamanga chomwecho.

Ulendo wa ku Balaka tsiku limenelo sindifuna kuukumbukira. Mwana tinamuika pakati, ine kumbuyo nditamukumbatira, njoka ili m'thumba la feteleza lomangidwa kuchishalo. Tisanafike patali mwana anayamba kunena kuti milomo ikuchita dzanzi. Kenako zikope zinayamba kugwa ngati wa tulo, dovu likutsikira padzanja langa. Ndinkamuitana, kumufunsa dzina la aphunzitsi ake, la mbuzi yathu, chilichonse choti ayankhe. Mayankho ake ankafupikirafupikira. Ndinachita mantha amene sindinawadziwepo, oti mwana andithera m'manja ndikuona.

Kuchipatala anamulandira mothamanga. Dokotala atasuzumira m'thumba muja anati popanda mutu sangalumbire, koma thupi lake ndi zizindikiro za mwanayo zikuloza mamba yaing'ono, njoka ya ululu woopsa. Anamuika diripi ya mankhwala a ululu wa njoka, ine n'kundiuza kuti ndidikire panja.

Ndili pabenchi, foni inanjenjemera m'chitenje. Netiweki ya m'tauni inali itakankha chithunzi chija, mwina ndinakhudza kamuvi kaja mosadziwa. Tsopano yankho linati mutu wa njokayi sukuoneka, choncho silingadziwe mtundu wake, ndithamangire kuchipatala msanga.

Mwanayo anachira, pano ali kusekondale. Koma mthunzi wa mtengo wa mango umene tinafuna kumugonekapo uja, mpaka lero sindiyalapo mphasa.