Kaya Inu Aphunzitsi?

Chaka chimenecho ndinataya mkazi, mwana amene tinkamuyembekezera, ndi tulo. Ntchito inatsala: Sitandade 3, sukulu ya pafupi ndi njanji ku Nkaya.

Kumeneko moni unkayambira panjira. Atsikana akandiona ankagwada m'mbali mwa msewu, mabuku ali pamutu. Anyamata ankathamangira kudzandilanda chikwama, ena atatu kulimbirana chimodzi. Pakati pawo zinali zachidule: "Bo?" "Bo-bo." Ena ankaponyerana m'Chiyao, "Ajimwiche uli?", motsanzira mawu a akuluakulu, kenako kuseka.

Koma moni weniweni unali wa m'kalasi. Phazi langa likangoponda pakhomo, monitala, kamtsikana ka mawu ngati belu, ankamenya dasitala pakhoma katatu. Onse ankadzuka pasimenti, fumbi kobo! Ine ndinkati, "Mwadzuka bwanji, ana inu?" Iwo mokoka, ngati nyimbo ya kutchalitchi: "Taaadzuka bwiiino, kaya iiinu aphunzitsi?" Ine: "Ndadzuka bwino. Khalani pansi." Iwo: "Ziiikomo aphunzitsi." Apo ndiye ndinkalemba deti pabolodi, kuitana mayina, phunziro n'kuyamba. Mwana sakhala pansi mphunzitsi asanayankhe. Ngakhale sitima ilire, ngakhale mbuzi ilowe, amaimabe. Wochedwa ankati "Odi" pakhomo, kugwada, n'kupereka moni wake yekha, anzake akumunong'oneza, "Lero phala linapsa mochedwa eti?"

Titaika maliro a mkazi wanga kwawo ku Nsanama, ndinakhala sabata ziwiri ndisanabwerere. Lolemba lake ndinalowa. Dasitala katatu. Ndinafunsa monga mwa masiku onse, iwo nayankha, nafunsa.

Ndinayenera kuyankha kuti, "Ndadzuka bwino." Ndinali nditanena mawu amenewo kambirimbiri osawaganizira, koma tsiku limenelo anakana. Popanda iwo panalibe phunziro, ndipo ndinadziwa kuti ndikatuluka pakhomopo sindidzalowanso. Ndinayang'ana choko m'manja mwanga. Ana anaimabe. Wina anakanda mwendo ndi phazi linzake. Kumbuyo wina ananong'ona, "Aiwala." Mnzake: "Iyayi iwe, sanamve." Monitala anayang'ana anzake, nakweza dzanja ngati wotsogolera kwaya, ndipo anabwereza onse, mokweza kuposa kale, kuti andithandize: "Kaya iiinu aphunzitsi?"

"Ndadzuka," ndinatero. "Khalani pansi."

"Bwino" sindinamutchule. Monitala anandiyang'ana, akuoneka kuti akuganiza ngati zimenezo zikuloledwa. Kenako anakhala, onse nakhala, zikomo wawo nalira mpaka kwa Sitandade 4. Ndinalemba deti. Tinaphunzira kuchotsera.

Chimene chinanditsegula pakamwa chinali kukumbukira m'mawa wa tsiku limene anamwalira. Mkazi wanga anadzuka mutu ukuwawa, mapazi atatupa. Mayi ake anali atabwera kudzamudikirira, ndipo anagwirizana zopita kuchipatala dzuwa likakwera. Ine ndinali nditavala kale, koma ndinkangozungulira pakhomo, kufunsa ngati ndijombe. Belu loyamba linalira. Iye anandiyang'ana ali pamphasa, naseka pang'ono.

"Inu, pitani. Musaimike ana a eni."