Mlongo wanga atalowa pa fulaiti

Ine foni siichoka m'manja, aliyense ku Chiparamba akudziwa. Kumasulira ndinadziphunzitsa ndekha momwemo. Anzanga akajambula timasewero toseketsa, ine ndimalemba mawu a Chingerezi pansi pake, iwo amandigulira bando ya intaneti. Ndiye kunyumba uthenga uliwonse wovuta umadzera kwa ine.

Mlongo wanga wamng'ono anali giredi 12, akukhala m'tauni ku Kapata kwa azakhali amene anagwa sitiroko. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuphika, kenako kuthamangira kusukulu, zonse yekha. Loweruka lina anatumiza uthenga wa mawu pafoni yanga, poti ya atate ndi kamabatani. Atate anali pansi pa mtengo wa mango akukonza goli. Ndinawatsegulira.

"Atate, musadandaule, azakhali ali bwinoko. Koma ine pano ndili pa fulaiti, eee, fulaiti yeniyeni." Kenako kaphwete.

Atate anandiyang'ana. "Akuti ali pa chiyani?"

Amwali, ndinasowa poyambira! Mawuwo anali atangobwera kumene, ngakhale ine ndinali nditawamva kangapo chabe. Anachokera ku kabatani kaja kokhala ndi chithunzi cha ndege. Ukakadina, foni imayaka ndithu koma siilandira chilichonse.

"Akuti watopa," ndinatero.

"Kutopa? Ndani sakutopa? Amako aweramira nshawa kuyambira m'mawa. Muuze alimbe."

Sindinaname ayi, koma sindinafikitse. Ndinayesa ena m'mutu. Kulema n'chimodzimodzi. Kufooka kumamveka ngati malungo. Ndikanati wadwala, atate akanakwera njinga tsiku lomwelo kukamutenga, mayeso n'kuthera pomwepo. Ndipo iye sananene kuti wadwala. Womasulira suwonjezera zako, zimenezo ndinaziphunzira pa timasewero tija.

"Dikirani kaye, atate, ndifunse."

"Ufunsenso? Si iwe katswiri?"

Ndinaponya funso m'gulu lathu la pafoni. Sindinafunse tanthauzo, chifukwa ukafunsa tanthauzo aliyense amasanduka mphunzitsi. Ndinati, "Munanena liti komaliza kuti muli pa fulaiti?" Mayankho anagwa ngati matalala. Wina akuti atasenza matumba a fetereza tsiku lonse. Wina akuti, "Iwe, kumeneko n'kutopa wamba, usatiwonongere mawu." Mtsikana wina wogulitsa m'shopu m'tauni anati, "Ndi pamene kasitomala akulankhula, ukumuona pakamwa, koma palibe chikulowa. Ukagona umadzuka uli chimodzimodzi." Awiri atatu anavomereza zomwezo. Ena n'kuyamba kukangana kuti anayambitsa ndani, ine ndinatulukamo.

Apa ndinaona kuti liwu limodzi silipezeka. Mawuwo anali asanakhazikike ngakhale pakati pa eni ake. Chotsala chinali kufotokoza, koma kufotokozera atate za kabatani ka ndege kunali kutaya nthawi. Maso anga anagwera pa goli lija.

"Atate, mukukumbukira ng'ombe yathu yakuda, chaka chija inaima pakati pa mzere? Osagona pansi, osadwala, maso ali tong'o. Mukuikuwira, iyo ngati simulipo."

Anasiya kusema.

"Wanena zimenezo mwana?"

"Za ng'ombe ndi zanga. Iye wanena liwu lawo la ku tauni. Koma anzake akuti limatanthauza zotere, munthu akuyenda, akugwira ntchito, koma m'mutu simukulowa kanthu."

"Nanga bwanji akuseka?"

Funso limenelo linandigwira. Ng'ombe yanga inali itataya kuseka kuja. Ife mawu ngati amenewa timawanena moseka dala, kuti wamkulu asaone ngati ukudandaula. Mwina n'chifukwa chake timapanga atsopano, akale aja akuluakulu ali nawo kale mayankho ake. Ndinawauza choncho, mwachibwibwi.

Atate anati ndibwerezenso uthengawo. Anamvetsera mutu uli pansi, mpaka pa kaphwete paja.

"Ng'ombe ikaima choncho suimenya," anatero. "Umaimasula."

Anaitana amayi kudimba, nakambirana kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinangomva zoti nshawa zidikira.

Madzulo ndisanathe n'kudya komwe, mlongo wanga anaimba.

"Achimwene, mwawauza chiyani atate? Akuti mwandisandutsa ng'ombe!"

"Ndiye ukanafuna ndinene chiyani, mbuzi?"

"Ine ndimangocheza, inu!"

"Unkangocheza?"

Ndinamva azakhali akumuitana chapatali.

"Kaya," anatero. "Dzulo ndinawerenga tsamba limodzi mpaka belu, osagwirapo kanthu."

Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinamasulira ndendende kapena ndinapitirira pang'ono. Lolemba m'mawa amayi anakwera minibasi ya ku tauni ndi kachikwama ka zovala ndi thumba la ufa. Anakakhala ku Kapata mpaka mwana analemba pepala lomaliza.