Duku ya Mayi Mfundisi

Chaka changa choyamba ku Cape Town ndinali ndi diresi imodzi yokha yopitira ku tchalitchi, yabuluu. Mnzathu wa ku Mfuleni atatiitanira ku ukwati wake, ndinadandaulira mayi mfundisi, mkazi wa abusa athu, kuti aliyense aizindikira diresiyo.

"Diresiyo isiyeni, mwanangu," anatero. "Chotsani duku yoyerayo."

Anandimanga yawo yachikasu, yolimba bwino, mfundo yake ataiimika pambali ngati duwa. Diresi, nsapato ndi ndolo zinali zomwe zija.

Kuukwatiko, mayi wina amene timakhala benchi limodzi Lamulungu lililonse anandigwira dzanja. "Asisi, diresi imeneyi mwagula kuti?"

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinavina kuposa akuchikazi. Pobweza dukuyo, mayi mfundisi anakana kulandira.