Makoswe a mu tiyirumu ya ababa

Ababa anga ankagulitsa tiyi ku Balaka, kuseri kwa depoti, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kamene anamanga ndi malemu amayi. Kutsogolo kunali mabenchi ndi tebulo lalitali, kumbuyo matumba a fulawa, shuga ndi mbaula. Anthu akamachokera ku mzikiti m'mamawa ankayamba akhota pamenepo, kenako akabaza ndi oitanira maminibasi. Chimwalirireni amayi, ababa analibe china chodzukira koma tiyirumu imeneyi.

Ine ndinkagwira ntchito ya zaumoyo ku Machinga Boma, ndipo chaka chimenecho ndinkakonzekera mayeso oti ndikhale woyendera malo ogulitsira zakudya. Funso limene silinkaphonya pa mayesowo linali la makoswe, mphemvu ndi ntchentche: uthana nazo bwanji pamalo pophikira anthu? Aphunzitsi athu ankati amene wayamba yankho lake ndi mawu oti mankhwala walephera kale. Umayamba wayendera malowo n'kuona zizindikiro. Kenako utseke polowera, uzimane chakudya, madzi ndi pobisala, utchere misampha, uzibweranso kudzaona ngati zikuchepa. Mankhwala ndi omalizira, oikidwa ndi munthu wodziwa, m'kabokosi kotseka, kutali ndi chakudya.

Loweruka lina ndinakwera minibasi kukawaona, mutu uli wodzaza ndi zimenezi. Nditangolowa kuchipinda chakumbuyo ndinayang'ana uku ndi uku. Zonse za m'buku zinali pamenepo. Timanyi takuda m'mbali mwa khoma, thumba la fulawa lobooka pangodya, mzere wa litsiro lonona pamene makoswe ankadzikhula podutsa, ndi mpata pansi pa chitseko woti dzanja langa n'kulowa. Kunja, ngalande ya madzi otsukira makapu inali itatsekeka, ndipo zinyalala ankataya m'ndowa yopanda chivindikiro.

Ababa anandiuza akuseka kuti azaumoyo anadutsa kale, anawachenjeza, ndipo anati abweranso mwezi usanathe. Ine sindinaseke. Ndinawafotokozera zoti tichite: simenti m'mabowo, lata pansi pa chitseko, waya wa sefa pawindo, fulawa ndi shuga m'zigubu zovindikira, matumba otsala pathandala kutali ndi khoma, ngalande itsegulidwe. Iwo anati abweretsa mphaka. Ndinati mphaka saloledwa m'chipinda cha zakudya. Anati ndiye sukulu imeneyi ikuphunzitsa anthu kukhala pachibale ndi makoswe. Ababa anga kwa makani, abale inu, munthu ukhoza kuuma pakhosi.

Komabe tinayamba. Tsiku limenelo tinamata mabowo a khoma lakumbuyo n'kutchera misampha motsata khoma, poti khoswe sakonda kudutsa pakati pa chipinda. Ndinawauza kuti asadabwe misampha ikakhala osagwira masiku oyamba, khoswe amaopa chinthu chachilendo. Ndinawauzanso, mobwereza mpaka anandikalipira, kuti mankhwala aja ogulitsa m'timapepala pamsika asawagwire n'komwe. Zotsalazo tinapangana kudzamaliza Loweruka linalo.

Chimene chinawavuta ababa si makoswe ayi. Anali atamva kuti amayi amene ankayendera malo a zakudya kumeneko amandidziwa, tinakumanapo pa maphunziro. Usinkhu wawo wonsewo, anachita manyazi kuti mwana wawo akasekedwa kuntchito, ati woyendera malo a eni pamene kwawo makoswe akuvina pa fulawa. Ataona misampha ili gwaa osagwira kanthu, anapita kumsika. Anasakaniza kamankhwala kakuda kaja ndi usipa wosinja, n'kuika m'tisosala ta makapu a tiyi, kamodzi kuseri kwa matumba, kena pashelefu pamwamba pa shuga.

Makoswe anafadi. Ena anakafera mu siling'i, ndipo ndi kutentha kwa ku Balaka kuja fungo silinachedwe. Ntchentche zobiriwira zija zinadzaza pawindo. Azaumoyo anafika zinthu zili choncho, pakati pa sabata, ine ndili ku Machinga.

Amayi a zaumoyo aja anandiimbira foni okha madzulo ake. Anayankhula mwaulemu, ndipo mpaka lero sindiwaimba mlandu. Anati mabowo omata anawaona, misampha anaiona, ndipo zikanakhala zokhazo akanawapatsa ababa nthawi yoti amalize. Koma poizoni wosavindikira pamwamba pa shuga, m'mbale zomwe anthu amamwera tiyi, sakanatha kumuyang'ana n'kutembenuka. Analamula kuti fulawa ndi shuga yense wotsegula atayidwe, tisosala tija tisagwirenso ntchito, ndipo tiyirumu itsekedwe kufikira zonse zitakonzedwa. Inenso ndikanakhala iwowo ndikanatero, ndipo zimenezo ndiye zinandiwawa koposa.

Ndinafika Loweruka nditakwiya, mawu nditawakonza kale mu minibasi. Ndinawapeza atakhala pakhonde la tiyirumu yotseka, chipewa chili pabondo. Asanandipatse n'komwe moni anati:

"Ndimafuna akapeze poyera, amayi. Ndimati ndisakuchititseni manyazi."

Ankanditcha amayi akafuna kundinyengerera. Ndinangokhala pansi pambali pawo n'kulira.

Kuyambira tsiku limenelo sanatsutsenso kanthu. Anakwera okha mu siling'i kuchotsa zofa zija, manja atavala mapepala apulasitiki monga ndinawauzira, n'kukazikwirira. Lata pansi pa chitseko anakhoma, waya pawindo anaika, ngalande anatsegula, udzu wakuseri analambula. M'mawa uliwonse ankayendera misampha, ndipo ankandiimbira kundiuza ngati yagwira kapena ayi. Inagwira masiku angapo, kenako inasiya, timanyi tija osaonekanso. Azaumoyo atabwerera anayamikira, n'kuwalola kutsegula.

Koma mbiri inali itayenda kale. Pa depoti nkhani sikhala pansi. Amene anaona fulawa akutayidwa anauza anzawo, ndipo pofika kumsika nkhani inali yoti mdala uja amathira mankhwala a makoswe m'masikono. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadwalapo, koma ukamufotokozera ndani? Akabaza anasamukira kwa mayi wina wogulitsa tiyi pansi pa mtengo, pamene ntchentche zimatera pa mandasi anthu akuona. Anzawo a ku mzikiti ankawapatsa salamu mwaulemu ndithu, n'kupitirira. Zinkandipsetsa mtima moti tsiku lina ndinafuna kukaima pa depoti kuwatukwana onsewo, ababa n'kundigwira mkono.

Mayeso ndinalemba, ndipo funso lija linabweradi. Ndinayankha mosavuta, poti ndinkangolemba za chipinda chakumbuyo chija, khoma ndi khoma. Anzanga anatuluka akusangalala, ine ndinatuluka mutu ukuwawa.

Nditapita kukawauza kuti ndakhoza, ndinafika nthawi imene kale pabenchi pankasowa pokhala. Munali mbee, pansi mowala, zigubu zili ndondondo pathandala. Ketulo yaikulu inali pambaula yodzaza, ndipo masikono a dzulo anali osakhudzidwa m'kabati yagalasi. Ababa anasangalala ndi nkhani yanga, anati alihamudulila, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti alankhula ndi achimwene awo kumudzi kwa Kawinga, mvula ikayandikira apita azikalima. Mabenchi anali atawalonjeza kale kwa munthu wina.

Ndinawapempha kuti apirire pang'ono, anthu amaiwala. Anapukusa mutu, nanyamuka kukatenga makapu awiri.

"Iyayi, ndadikira mokwana. Koma poti mwakhoza, yenderani kaye muno, muone ngati mupezemo khoswe."

Ndinayendera, chifukwa anaumirira. Ndinasuzumira kuseri kwa zigubu, pansi pa chitseko, m'mbali mwa khoma monse, iwo akunditsata pambuyo. Sindinapeze kanthu, ndipo ndinawauza choncho. Anagwedeza mutu, nathira tiyi wa anthu awiri, wotsalayo anakamukhuthulira m'ngalande.